Kalaliki wa sitolo akamalakwitsa kawerengero ka katundu

Inu amanijala, musathamangire kulanga kalaliki amene ziwerengero zake sizikugwirizana ndi katundu wa pashelefu. Yambani mwafufuza chomwe chikuvuta.

Ngati matumba a feteleza akusowa kapena malisiti sakulembedwa tsiku lomwelo, pamenepo pafunika kuyang'anira. Mumuuze muyezo wake momveka, muwerenge naye katundu Lachisanu lililonse, nonse musainire. Apa palibe zokambirana, chifukwa katunduyo ndi wa kampani.

Koma ngati munthuyo ndi wokhulupirika, akungosokonezeka polemba zolowa ndi zotuluka, mumuphunzitse ngati kochi. Khalani naye pambali, iye agwire cholembera, inu muzifunsa: "Matumba 40 alowa, 12 atuluka, nanga 3 onyowawa muwalemba pati?" Musafulumire kumuyankhira. Akapeza yekha pomwe amaphonya, sabwerezanso. Ndimaona kuti ambiri timalephera pomwepa, timalanda bukulo n'kukonza tokha. Luso likakhazikika, maphunzirowo atha.

Kulangiza ndi kwina, n'kwa nthawi yaitali, ndipo kumakhudza tsogolo lake: apitirize sukulu ya zowerengera ndalama kapena ayi? Mumupezere mkulu wa dipatimenti ina woti azimulangiza, poti munthu sauza mantha ake kwa bwana amene amasaina za malipiro ake.