Momwe mungagulitsire bilu ku banki tsiku lolipira lisanakwane, ndi zolemba wogula akakana kulipira

Tiyerekeze kuti mwagulitsa matumba a feteleza a K2,400,000 pa ngongole. Pa 1 Malichi mwalembera wogulayo bilu, chikalata chomulamula kuti adzalipire ndalamazo pa 1 Juni, ndipo iye wasayina kuvomera. M'mabuku anu ngongole yachoka pa dzina lake: debiti akaunti ya mabilu olandira K2,400,000, kirediti akaunti ya wogula K2,400,000.

Koma pofika pa 1 Epulo ndalama zakuthinani. Choyamba, sayinani kuseri kwa biluyo n'kuipereka ku banki. Banki ikupatsani ndalama lero, koma idzitapirako yake chifukwa chodikira mpaka Juni. Yotapidwayo ndiyo disikaunti.

Chachiwiri, werengetsani disikauntiyo. Pano ndi pomwe ambiri amaphonya, chifukwa amawerengera miyezi itatu yonse ya bilu. Banki imalipiritsa nthawi yotsala yokha, ndipo kuchokera pa 1 Epulo yatsala miyezi iwiri. Chiwongoladzanja chimene banki imatchula n'cha pachaka. Tinene kuti ndi 24 peresenti:

```
2,400,000 x 24/100 x 2/12 = 96,000
```

Choncho mu akaunti yanu mulowa K2,304,000. Lembani debiti banki K2,304,000, debiti disikaunti K96,000, kirediti mabilu olandira K2,400,000. K96,000 imeneyi yapita, ndi ndalama yomwe bizinesi yawononga.

Wogula akalipira pa 1 Juni, inu simulemba kanthu, nkhani ili pakati pa iye ndi banki. Komabe tsikulo lisanafike musapume, chifukwa siginecha yanu kuseri kuja ikutanthauza kuti iye akalephera, banki ibwera kwa inu. Ngati chaka cha mabuku chatha bilu isanakhwime, zimenezi zimatchulidwa m'mawu ofotokozera malipoti a zachuma monga ngongole yomwe ingakugwereni.

Nanga akakana? Banki ikhoza kukalembetsa kukanako kwa loya wovomerezeka kuti pakhale umboni, tinene pa mtengo wa K15,000. Ikatero idula mu akaunti yanu ndalama yonse ya pa bilu, osati K2,304,000 yomwe inakupatsani, kuphatikizapo ya loyayo: K2,415,000. Lembani debiti akaunti ya wogula K2,415,000, kirediti banki K2,415,000. Ya loya ikupita pa dzina la wogula chifukwa wayambitsa zonsezi ndi iyeyo.

Akaunti ya mabilu olandira musaikhudzenso, inatsekedwa kale pa 1 Epulo. Mukaona kuti yatsala ndi K2,400,000 kumbali ya kirediti, dziwani kuti mwailemba kawiri. Disikaunti ija nayo sibwezedwa. Munafuna nokha ndalama msanga, ndiye imakhalabe pa inu, pokhapokha ngati munagwirizana ndi wogula kuti adzaibweza.