Musanatumize zithunzi za m'munda kuti akaziunike, yambani mwasunga kope yanu

Malangizo awa ni a alimi otsogolera na ma membala a kopaletivu amene mumajambula chimanga kapena nshawa zodwala na foni nkutumiza kwa alangizi kapena ku labu. Pepala lake linabwera m'Chingelezi, ine nangoliika m'Chinyanja, koma pena pake nawonjezako zanga chifukwa amene analemba zikuoneka sanagwirepo foni yodzala mu Januwale.

Ndime yoyamba ikuti: "Wotumiza asunge kope ya chithunzi chilichonse, monga chinatulukira mu kamera, pamalo ena osiyana ndi chipangizo chimene chinajambula, asanatumize. Olandira sadzakhala ndi mlandu pa zithunzi zotayika kapena zowonongeka." Mwachidule, zikasowa uko musayembekezere kuti azakubwezerani.

Mau amene anandivuta ni aja pa foni amalemba Backup. Ena amangoti bakapu, ine nasankha kuti kope yosungira padera, chifukwa nkhani yonse ili pa padera pamenepo. Zili monga mbeu, simusunga mu thumba limodzi na chimanga chodya. Kope imene ili mu foni yomweyo, foni ikagwera m'madzi ku dimba zonse zapita pamodzi.

Manje mau ena aja akuti "monga chinatulukira mu kamera", apa ndiye anthu ambiri amagwa. Chithunzi cha foni wamba chimakhala mwina 3 MB olo 4 MB, kukula kwake 4000 x 3000. Mukachitumiza pa WhatsApp mwa masiku onse chimapanikizidwa, mbali yaitali imatsika kufika cha m'ma 1600 ndipo failo imatsala mwina 200 KB chabe. Na maso pa foni chimaoneka chimodzimodzi, koma wounika akachikuza kuti aone mutu wa mbozi, paja ntchemberezandonda amaizindikira na kachizindikiro kooneka monga Y wozondoka pamutu komanso timadontho tinayi chakumchira, amangoona zosokonekera. Futi WhatsApp imachotsa tuuthenga tobisika mkati mwa failo, tsiku na nthawi yojambulira, mtundu wa foni, na malo ngati munayatsa lokeshoni. Olo mutasankha HD chimapanikizidwabe, kungoti pang'ono. Ndiye chithunzi chimene chili mu macheza anu a pa WhatsApp si kope yosungira ai.

Chenicheni chimakhala mu foda ya kamera, pa mafoni ambiri a Android ni `DCIM/Camera`, ena dzina la foda yamkati limasiyanako koma DCIM ndiye ilipo ndithu. Kulumikiza foni ku kompyuta na chingwe sindifotokoza, mudziwa kale, chabe kumbukirani kusankha File transfer pa foni apo ayi izangochaja. Ngati mulibe kompyuta gwiritsani memore kadi, kapena fulashi na kachingwe ka OTG kolumikizira fulashiyo ku foni. Pangani foda yatsopano, ipatseni dzina la tsiku na munda, mwachitsanzo `2025-01-14_chimanga_kudimba`, ndiye musankhe zithunzi nkudina Copy. Osati Move, osati Cut. Move imasamutsa chabe, mumatsalabe na kope imodzi, mwangoisintha pokhala. Ndipo ngati mwakopera pa memore kadi, kadiyo ichotseni mu foni muiike mu envelopu m'nyumba, ikakhala mkati foni ikabedwa pa msika yapita nayo.

Pepala likuti "mtambo ndi wololedwa", kutanthauza kusunga pa intaneti monga Google Photos. Ni zoona koma chenjerani. Google Photos imayenda pamodzi na foni, ngati Backup ni yoyatsa ndipo mwafufuta chithunzi muli mkati mwa Google Photos, chimafufutika ku foni na ku intaneti komwe, chimapita mu Bin kapena Trash komwe chimakhala masiku 60 basi. Onaninso Backup quality, ikakhala pa Storage saver zithunzi zimapanikizidwa, imafunika Original quality. Malo aulele ni 15 GB ndipo mumagawana na Gmail na Drive, akadzala imasiya kusunga. Chinanso, nthawi zambiri imadikira Wi-Fi, ndiye kumudzi komwe tonse tili pa bandulo munthu amakhala mwezi wathunthu akuganiza kuti zinakwera pomwe zikali mu foni. Mpaka muone polembedwa Backup complete. Ine ndimakonda kuika foda pa Google Drive na manja, chifukwa chimene mwaika uko sichifufutika mukafufuta mu galare.

Izi ndinazionera pa mlamu wanga chakwathu ku Katete. Anajambula zithunzi 24 za chimanga chimene masamba anali obooka na utuchi mu mtima mwake, anatumiza pa WhatsApp, matiki awiri anaoneka, mtima pansi. Foni inayamba kudandaula malo, mwana wake anafufuta za mu kamera zonse poti "zili kale pa WhatsApp". Patapita milungu itatu ounika aja anabweza mau kuti zithunzi sizioneka bwino, tumizani zenizeni zokhala na tsiku. Tinafufuza, Backup inali yozima chigulireni foni, zotsala zinali tuja twa mu foda ya Sent, tung'onotung'ono, maina oyamba na IMG nkuthera na WA na nambala, monga WA0007, tsiku la pa dzina ni lotumizira osati lojambulira. Kukajambulanso sikunatheke, munda anali atapopera kale mankhwala ndipo masamba atsopano anali atatuluka.

Ndime yachinayi ikuti "wotumiza atsimikize kuti kope ndi yathunthu". Pochita pake ni apa: werengani, ngati munajambula 24 mu foda yatsopano mukhale 24. Onani kukula, pa kompyuta dinani kumanja pa foda musankhe Properties, pamene alemba Size pafanane na zimene munakopera, zithunzi 24 za 3.5 MB zikhale cha m'ma 84 MB, mukaona 5 MB dziwani kuti mwakopera za WhatsApp. Kenako tsegulani zitatu kapena zinayi kuchokera pa kadi kapena fulashi, makamaka zomalizira, muzikuze. Ichi ndawonjeza ine chifukwa cha ma memore kadi abodza otchipa maningi aja, amalemba 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa, maina a mafailo amaoneka onse bwinobwino koma potsegula chithunzi theka ni lotuwa olo sichitseguka nkomwe.

Kwa amene zithunzi zanu zikukhudza inshuwalansi ya mbeu kapena mkangano, pepala likutchula njira ina ya pa kompyuta ya Windows, yolemba mu Command Prompt muli mu foda ya chithunzicho, dzina la failo muike la chithunzi chanu:

```
certutil -hashfile IMG_20250114_091230.jpg SHA256
```

Imatulutsa mzere wa manambala na zilembo 64, uli monga chidindo cha chala cha failo. Muchite pa chenicheni na pa kope, mizere ikafanana ndiye mafailo ni ofanana ndendende. Pa nkhani ya mbozi chabe musavutike nazo, kuwerenga na kutsegula kwakwana.

Kudula chithunzi, kuwalitsa, kuzunguliza banga na mzere wofiira, chitani pa kope ina osati pa chosungidwacho, mafoni ena amalemba pamwamba pa chakale. Potumiza pa WhatsApp dinani kapini musankhe Document osati Gallery, chipita chosapanikizidwa, bandulo idya kwambiriko, 84 MB ija yonse. Dziwani chabe kuti chikapita motero chimanyamula na malo amene munajambulira, kwa munda palibe vuto mwinanso ounika amafuna zimenezo, koma ngati masamba munajambulira pakhonde panyumba ndiye mwawapatsa pomwe mukhala.

Pepala silinatchule kuti kope musunge mpaka liti. Ine ndinganene kuti mpaka zotsatira zabwera, mwakhutira nazo ndipo mwakolola, ngati pali za inshuwalansi mpaka ndalama italowa.