Momwe mungadziwire chikhalidwe cha kampani pa funso la mayeso

Funso la mayeso likafotokoza kampani yokhala ndi malamulo ambiri, ophunzira ambiri amathamangira kuyankha kuti chikhalidwe chake ndi cha ndondomeko. Apa ndi pamene mamalikisi amatayikira. Malamulo amapezeka m'zikhalidwe ziwiri zosiyana kwambiri, ndiye paokha sangakupatseni yankho.

Kagawidwe kamene tigwiritse ntchito ndi ka Terrence Deal ndi Allan Kennedy, amene mu 1982 anagawa makampani m'magulu anayi potengera zinthu ziwiri: kukula kwa chiopsezo, ndi nthawi imene imapita kuti munthu adziwe ngati wachita bwino kapena walakwitsa.

Choyamba, musanayang'ane mayankho amene mwapatsidwa, funani chiopsezo. Dzifunseni kuti chiganizo chimodzi chikalakwika, chitayike n'chiyani. Ngati wogulitsa waphonya kasitomala mmodzi koma mawa akumana ndi ena 30, chiopsezo n'chaching'ono. Ngati kulakwitsa kamodzi kungathetse munthu ntchito kapena kugwetsa kampani yonse, n'chachikulu.

Chachiwiri, funani nthawi. Mawu ngati "sabata iliyonse", "pakutha pa tsiku" kapena "komishoni ya mwezi" akusonyeza kuti zotsatira zimabwera msanga. Mawu ngati "patapita zaka" akusonyeza kuti zimachedwa. Mphotho ndi imene imaulula izi mosavuta, chifukwa kampani singapereke bonasi ya sabata pa ntchito imene phindu lake silinaoneke.

Kenako phatikizani ziwirizo. Chiopsezo chachikulu ndi zotsatira zamsanga ndi chikhalidwe cha olimba mtima, kumene aliyense amadzionera yekha ndipo wopambana amatamandidwa payekha, monga m'makampani otsatsa malonda ndi azisangalalo. Chiopsezo chaching'ono ndi zotsatira zamsanga ndi cha kulimbikira ntchito ndi kusangalala pamodzi, chofala pakati pa ogulitsa, kumene chowerengedwa ndi kuchuluka kwa zimene gulu lagulitsa. Chiopsezo chachikulu ndi zotsatira zochedwa ndi cha kubetcha kampani yonse, monga kwa ofufuza mafuta pansi pa nthaka ndi opanga ndege. Chiopsezo chaching'ono ndi zotsatira zochedwa, mwinanso zosaoneka n'komwe, ndi cha ndondomeko, monga m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi ndi m'maofesi ambiri a boma.

Tsopano tiyese ndi funso ili: "Kampani ina ikupanga ndege ya mtundu watsopano. Chiganizo chilichonse chimadutsa m'makomiti atatu, ndipo injiniya sangasinthe kanthu popanda siginecha ya mkulu wake. Ntchitoyi itenga zaka 8 ndipo yamwa theka la chuma cha kampani. Antchito amakwezedwa pang'onopang'ono, ndipo amene akhalitsa ndi amene amamveredwa pamisonkhano."

Makomiti ndi masiginecha akukokerani ku chikhalidwe cha ndondomeko, ndipo wolemba funso anawaika poyamba mwadala. Adutseni kaye. Theka la chuma cha kampani lili pa ndege imodzi: chiopsezo n'chachikulu. Zaka 8: zotsatira n'zochedwa. Yankho ndi kubetcha kampani yonse.

Mukatero, bwererani ku malamulo aja n'kufunsa chimene akuteteza. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwenikweni. M'kampani ya ndege, makomiti alipo kuti chiganizo chituluke cholondola, poti palibe mwayi woyesanso kachiwiri. N'chifukwa chake amamvera akatswiri okhalitsa, amene anaonapo ntchito ina yaitali ikufika pamapeto. M'chikhalidwe cha ndondomeko zinthu n'zosiyana. Kalaliki amene wadzaza fomu samva kuti yakathera pati pokhapokha ikabwerera ndi cholakwika, ndiye amaika mtima pa kachitidwe ka ntchito, kusunga makope ndi kudziteteza. Funso likanena za anthu olemba kalata pa chilichonse pofuna kuti mlandu usadzawagwere, kapena olimbirana maudindo ndi magiredi a malipiro, mwafika pa ndondomeko.

Msampha wina uli pa bonasi. Zikhalidwe ziwiri za zotsatira zamsanga zonse zimapereka mphotho mwachangu, ndiye yang'anani wolandira. Ngati ndi munthu mmodzi amene wawina zazikulu, ndipo wolephera amachotsedwa msanga, ndi olimba mtima. Ngati ndi gulu lonse limene lafika pa chiwerengero chimene linapatsidwa n'kuchitiridwa phwando, ndi kulimbikira ndi kusangalala.

Onaninso dzina limene funso latchula. Likatchula Charles Handy, magulu ake ndi ena: chikhalidwe cha mphamvu, cha udindo, cha ntchito ndi cha munthu payekha, ndipo kumeneko mumafufuza mwini ulamuliro, osati chiopsezo. Kwa Handy, kampani ya makomiti ndi masiginecha ija ingagwere pa chikhalidwe cha udindo. Ndipo funso likafotokoza nthambi imodzi yokha, yankhani za nthambiyo: ogulitsa a kampani ya inshuwalansi angakhale olimbikira ndi kusangalala pamene anzawo oona za madandaulo a makasitomala ali a ndondomeko.