Momwe mungawonkhetsere bajeti ndi PivotTable: wothandiza, nthambi ndi mwezi

Abwana akafunsa kuti, "Kodi wothandiza B waika zingati ku zaumoyo mwezi wa Meyi?" ambiri timatenga kakyuleta nkuyamba kuwonkhetsa mzere ndi mzere. Mu Excel muli PivotTable, imene imayankha funsoli pa mphindi imodzi. Koma imayankha zoona pokhapokha mndandanda wanu utayalidwa bwino, ndipo ntchito yeniyeni ili pamenepo.

Yambani ndi kuyala mndandanda

Bajeti zambiri zimalembedwa motambalala: miyezi kuyenda chammbali, timabokosi tolumikizidwa pamwamba, ziwonkhetso pansi pa nthambi iliyonse. Ndi yokongola posindikiza, koma pivoti siyigwirizana nayo. Imafuna mzere umodzi pa ndalama imodzi, ndi mutu umodzi pa kolamu iliyonse, chonchi:

```
Tsiku       Wothandiza  Nthambi     Ndalama
01/04/2025  A           Zaumoyo     2000000
01/04/2025  A           Maphunziro  1500000
01/04/2025  B           Zaumoyo     800000
01/05/2025  A           Zaumoyo     2000000
01/05/2025  B           Ulimi       1200000
01/05/2025  B           Zaumoyo     800000
```

Pa mwezi lembani tsiku lenileni, ngakhale la 1, osati mawu oti Epulo. Mizere ya ziwonkhetso ichotseni yonse, apo ayi ndalama iwerengedwa kawiri. Ngati wothandiza wina amapereka madola, onjezerani kolamu yowasinthira m'makwacha, chifukwa pivoti sidziwa kusiyanitsa dola ndi kwacha, imangophatikiza.

Mukatha, dinani paliponse mkati mwa mndandandawo ndi kukanikiza Ctrl+T. Mukatero mizere imene mudzawonjezere mtsogolo idzalowa yokha m'gululo.

Mangani pivoti

Pitani pa Insert, sankhani PivotTable, kenako New Worksheet. Kumanja kutuluka mayina a makolamu anu, ndipo pansi pake pali mabokosi anayi. Kokerani Wothandiza mu Rows, ndi Nthambi pansi pake mu bokosi lomwelo. Tsiku lipite mu Columns, Ndalama mu Values.

Excel yatsopano nthawi zambiri imagawa yokha masiku m'miyezi. Ikapanda kutero, dinani tsiku limodzi ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Group, ndipo musankhe Months pamodzi ndi Years. Musaiwale Years. Pulojekiti ikapitirira miyezi 12, Epulo wa 2025 ndi Epulo wa 2026 amagwera m'kolamu imodzi osakuchenjezani. Ngakhale pa bajeti yotsata chaka cha boma, choyamba mu Epulo kukathera mu Malichi, popanda Years mudzapeza Januwale ali kutsogolo kwa Epulo.

Pa chitsanzo chathuchi, A akhala ndi K5,500,000, B ndi K2,800,000. Epulo atuluka K4,300,000, Meyi K4,000,000, zonse pamodzi K8,300,000. Yankho la abwana aja lili pomwe mzere wa Zaumoyo wa pansi pa B wakumana ndi Meyi: K800,000. Akafunsa nthambi iliyonse yalandira zingati kuchokera kwa yani, ingokwezani Nthambi pamwamba pa Wothandiza mu Rows.

Zikalakwika mudzadziwa bwanji

Mukaona tinambala ting'onoting'ono ngati 3 kapena 6 m'malo mwa mamiliyoni, yang'anani mu Values. Mupeza palembedwa Count of Ndalama, kutanthauza kuti Excel ikuwerenga mizere osati kuwonkhetsa ndalama. Kawirikawiri gwero lake ndi munthu amene analemba K2,000,000 ndi chilembo K kutsogolo, nambala nkusanduka mawu. Kungosintha kukhala Sum mu Value Field Settings sikokwanira, chifukwa ndalama yolembedwa ngati mawuyo idumphidwa mwakachetechete. Konzani kaye m'mndandandamo.

Group ikakana ndi uthenga woti Cannot group that selection, pali tsiku lina limene ndi mawu chabe. Lisakeni ndi fomula iyi, mukuikokera pansi. Pomwe yatulutsa FALSE ndi pomwe pali vuto:

```
=ISNUMBER(A2)
```

Lina losautsa ndi wothandiza mmodzi kuwoneka kawiri. Maso anu aona dzina limodzimodzi, koma penapake wolemba anasiya mpata kumapeto kwa dzinalo. Mankhwala ake ndi fomula iyi; ilembeni m'kolamu yopanda kanthu, ikokereni pansi, kenako koperani zotsatirazo ndi kuziika ngati Values m'malo mwa mayina akale:

```
=TRIM(B2)
```

Pivoti sidzisintha yokha. Mukakonza chilichonse m'mndandanda, pitani pa Data ndi kudina Refresh All. Ine lipoti sindilitumiza ndisanayerekeze Grand Total ndi chiwonkhetso cha kolamu ya Ndalama yonse. Zikasiyana, ndimadina kawiri nambala imene ndikuikayikira, ndipo Excel imatsegula tsamba latsopano losonyeza mizere yonse imene yapanga nambalayo.