Kuyesa njira yobetchera pa maodzi akale

"Ndili ku Bangula. Ndimabetcha timu yosewera pakwawo ikapambana masewero 3 mwa 5 apitawa. Ndingayese bwanji njirayi pa zaka zapita popanda kudzinamiza?"

Mufunika Excel ndi mafayilo a CSV a zotsatira ndi maodzi a ligi ya ku England ochokera pa football-data.co.uk, aulere.

1. Lembani lamulo lanu papepala musanatsegule fayilo: mapambano 3 mwa 5, maodzi oposa 2.00, K1,000 pa sewero lililonse.

2. Gawani zaka. Konzerani lamuloli pa 2015 mpaka 2021, ndipo 2022 mpaka 2024 musaziyang'ane n'komwe.

3. Sanjani masewero motsata `Date`. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Pa sewero la pa 10 Malichi, werengani zotsatira zofika pa 9 Malichi basi, osati tebulo la kumapeto kwa nyengo, chifukwa tsikulo simukanalidziwa. Maodzinso chimodzimodzi. Ngati mumabetcha Lachisanu poopa kuti netiweki idzavuta Loweruka, tengani `B365H`, maodzi a kampani ya Bet365 a timu ya pakwawo, osati `B365CH`, omwe ndi a pomwe mpira uli pafupi kuyamba.

4. Werengani phindu. Mwachitsanzo, mwabetcha ka 300 pa 2.10 n'kupambana ka 140: mwalandira K294,000 mutaika K300,000. Mwaluza K6,000. Pa 2.10 muyenera kupambana koposa 47.6% kuti musaluze.

5. Yesani pa 2022 mpaka 2024 kamodzi kokha. Phindu likasowa, ndiye kuti lamulo linangoloweza zaka zakale. Chonde musalisinthe n'kuyesanso pa zaka zomwezo, mulitaye. Ndiponso pa 2015 mpaka 2021, kusintha 2.00 kukhala 2.05 kukafafaniza phindu lonse, unali mwayi chabe.