Seva ikakhala chete, musathamangire kutumizanso oda

Miyezi yapitayi anthu angapo andibweretsera masikiripiti awo ogulira ndi kugulitsira pamsika wa masheya ndi ndalama zapakompyuta, onse ndi dandaulo limodzi: analamula kugula kamodzi, koma m'akaunti mwapezeka kuti agula kawiri kapena katatu. Aliyense amayamba ndi kuloza chala buloka, kampani imene amadzeramo pogula ndi kugulitsa. Ndikatsegula fayilo, cholakwa chimakhala chomwechomwecho, ndipo chimaoneka chonchi:

```python
for _ in range(3):
    try:
        send_order(client_id=uuid4().hex, qty=200)
        break
    except Timeout:
        continue
```

Wolemba mizere imeneyi amaganiza kuti yankho likapanda kubwera ndiye kuti oda yalephera. Ayi ndithu. Kusayankhidwa kumangotanthauza kuti inuyo simunamve kanthu. Mwina pempho lanu linafera m'njira lisanafike. Mwina linafika, seva n'kulikana, yankho n'kusochera pobwerera. Mwinanso linafika, oda n'kulowa pamsika, katundu n'kugulidwa, koma uthenga wokuuzani zimenezi ndi umene unachedwa. Muli pakompyuta yanu, zitatu zonsezi zimaoneka mofanana: zii. Sikiripiti ili pamwambayi imasankha kukhulupirira kuti palibe chachitika, ndipo imatumizanso.

Chondipweteka mutu kwambiri ndi `uuid4()` uja. Munthu anamvapo kuti oda iliyonse izikhala ndi nambala yake yoizindikirira, ndipo anayikadi. Koma anaiyika m'kati mwa kubwerezako, moti ulendo uliwonse nambala imabadwa yatsopano. Seva ikuona oda zitatu za mayina atatu osiyana. Idziwa bwanji kuti ndi pempho limodzi la munthu wopanda chipiriro? Imachita ntchito yake mokhulupirika, n'kukugulirani katatu konse.

Bambo wina amene ndimamuthandiza anandiimbira m'mawa mawu akunjenjemera. Sikiripiti yake inkafuna masheya 200 pamtengo wa madola 50, ndipo anaitchera kuti izidikira yankho masekondi 10. Tsikulo msika unali pikitipikiti, mayankho akuchedwa. Ulendo woyamba zii, wachiwiri zii, wachitatu yankho linabwera, ndipo sikiripiti inalemba m'buku lake kuti yagula 200. Mu akaunti munali 600. Mtengo utatsika kufika pa madola 47, oda yodzitetezera inagulitsa 200 amene inkawadziwawo, 400 enawo n'kutsala pamtetete popanda wowayang'anira. Iye ankayembekeza kuluza madola 600. Pamtengo womwewo anali ataluza kale 1,800, osawerengera ndalama ya buloka imene analipira katatu. Nditamufunsa chifukwa chake sanayese zimenezi kale, anati, "Achimwene, yagwira ntchito chaka chonse osavutapo." Eya, yagwiradi, chifukwa chaka chonsecho netiweki inkamukomera mtima. Ndipo dziwani kuti mayankho amachedwa makamaka nthawi imene mitengo ikudumphadumpha, nthawi yomweyo imene kugula mowirikiza kumaluma kwambiri.

Ena ndikawauza zimenezi amangokweza nthawi yodikira kuchoka pa masekondi 10 kufika pa 60, kapena kuwonjezera `sleep`, n'kumati vuto latha. Kumeneko n'kubisa bala ndi malaya. Enanso amati sikiripiti iziyang'ana kaye kuchuluka kwa masheya mu akaunti isanatumizenso. Koma oda yodikira mtengo wake ikhoza kukhala pamsika isanagule kalikonse, akaunti n'kumaonetsa ziro, inu n'kuwonjezera ina pamwamba pake.

Nkhanitu si yachilendo. Mu FIX, ndondomeko imene mabanki ndi mabuloka amatumizirana oda, muli gawo la `ClOrdID`, tagi 11, limene ndi dzina loperekedwa ndi wotumiza, komanso `PossResend`, tagi 97, lochenjeza wolandira kuti mwina uthengawu anauonapo kale. Malangizo a Binance, msika wa ndalama zapakompyuta, amanena poyera kuti yankho la mtundu wa `5XX` musalitenge ngati kulephera, popeza zotsatira zake sizikudziwika ndipo oda ikhoza kukhala kuti yatheka. Cholakwa cha `-1007` chimanenanso zomwezo. Zinalembedwa, koma anthu amakopera zitsanzo za khodi, ndime zoterezi n'kuzidumpha.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale amene anatulutsa nambala ija kunja kwa kubwereza. Amaganiza kuti akatumiza dzina lomwelo kawiri, seva ikana basi. Si paliponse. Pamsika wa Binance wogula pompopompo, `newClientOrderId` imakanidwa pokhapokha ngati oda yoyamba ya dzinalo idakali yotsegula. Ikangodzaza, kutanthauza kuti zonse zagulidwa, dzinalo limalandiridwanso. Tsono oda yogula pamtengo uliwonse umene ulipo imadzaza m'kanthawi kochepa zedi, kotero pamene sikiripiti yanu ikutumizanso patapita masekondi 10, yoyamba ija inatha kalekale ndipo yachiwiri ikulowa bwinobwino, dzina lomwelo. Choncho dzina lokha silikutetezani. Ntchito yake yeniyeni ndi kukupatsani chofunsira: "Kodi oda ya dzina ili munailandira?" Werengani malamulo a buloka wanu pa mfundo imeneyi, chifukwa amasiyana.

Dzinalo lizichokera ku chiganizo chogula, osati ku wotchi ya nthawi yotumizira. Tengani dzina la njira yanu, chinthu chogulidwa, mbali, ndi nthawi ya chizindikiro chimene chinakuuzani kuti mugule:

```python
key = "njira7|XYZ|BUY|10:15|" + tsiku
cid = sha256(key.encode()).hexdigest()[:32]
```

Mukatero, ngakhale magetsi azime sikiripiti n'kuyambiranso, chiganizo chomwecho chibala dzina lomwelo. Ndadula pa zilembo 32 chifukwa mabuloka amaika malire a kutalika. A Binance ndi 36.

Zotsalazo ndi zachidule. Musanatumize, lembani dzinalo m'detabesi pa gawo la `UNIQUE`, ndi chizindikiro chakuti oda ikutumizidwa, ndipo onetsetsani kuti zasungikadi padisiki. Kulembako kukakanidwa, ndiye kuti wina anayamba kale, kaya ndi sikiripiti yomweyo isanagwe kapena inzake imene `cron` yadzutsa yoyamba isanamalize. Pamenepo musatumize, funsani. Yankho likapanda kubwera, funsaninso, pogwiritsa ntchito dzinalo. Ku Binance ndi `origClientOrderId`. Oda ikapezeka, lembani mmene ilili, mwatha. Ikapanda kupezeka musathamange, chifukwa pempho loyamba likhoza kukhala lidakali m'njira. Dikirani mpaka nthawi ya moyo wake ithe, monga `recvWindow` imene mukapanda kuisintha imakhala 5000, kutanthauza masekondi 5, kenako funsani kachiwiri, ndipo mukatsimikiza kuti kulibe m'pamene mutumize ndi dzina lomwe lija. Funso lenilenilo likamalephera, sikiripiti iime ndi kukuitanani; kuphonya malonda amodzi n'kotchipa kuposa masheya 400 osawadziwa.

Ngati oda inagula theka n'kuthetsedwa, zotsalazo ndi oda yatsopano, ya dzina latsopano ndi kuchuluka kochotsera zimene zagulidwa kale. Poyamba ntchito tsiku lililonse, sikiripiti iyambe yathana ndi mizere yonse yokhala ndi chizindikiro cha "ikutumizidwa". Ndipo kayeseni pa akaunti yoyeserera: tsitsani nthawi yodikira ikhale yochepa kwambiri kuti yankho lizisowa dala, iphani sikiripiti ndi `kill -9` itangotumiza, muidzutsenso, kenako muwerenge oda kumbali ya buloka, osati m'buku lanu.