Masilaidi atatu pa tsamba, mizere yolembapo pambali: kakonzedwe ka PDF yogawa pa maphunziro

Tiyerekeze kuti mwakonza masilaidi 24 mu PowerPoint a maphunziro a kasungidwe ka chimanga, ndipo mukuyembekezera anthu 40. Mukasindikiza silaidi iliyonse pa pepala lakelake, pafunika mapepala 960, pafupifupi marimu awiri, poti rimu imodzi imakhala ndi mapepala 500. Koma mukaika masilaidi atatu pa tsamba limodzi, masamba amatsika kufika pa 8. Mukasindikizanso mbali zonse ziwiri za pepala, munthu mmodzi alandira mapepala 4 basi, ndipo onse 40 pamodzi angodya mapepala 160.

PowerPoint imalola kuika masilaidi 1, 2, 3, 4, 6 kapena 9 pa tsamba. Mwa zonsezi, ine ndimalangiza atatu, chifukwa ndi pokhapo pamene pulogalamuyi imajambula yokha mizere yolembapo. Masilaidi amandanda kumanzere kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo kumanja kwa silaidi iliyonse kumakhala mizere yopanda kanthu. Wophunzira akamva mfundo yomwe mwangoinena pakamwa, amailemba pafupi ndi silaidi yake, osati m'kope lina lomwe mawa sadzadziwa kuti likugwirizana ndi chiyani. Asanu ndi limodzi kapena asanu ndi anayi amapulumutsa mapepala ndithu, koma malo olembapo palibe, ndipo zilembo zimachepa kwambiri.

Musanayambe, koperani fayilo yanu n'kuipatsa dzina lina. Zosintha zonse muzichitira pa kope limeneli, lija loonetsa pa pulojekita likhale monga lilili.

Kenako, pa kompyuta ya Windows, dinani File, kenako Export, kenako Create PDF/XPS Document, n'kudinanso batani la Create PDF/XPS. Patseguka kabokosi kofunsa dzina la fayilo. Apa ndi pamene ambiri amathamangira kudina Publish, n'kupeza kuti PDF yatuluka ndi silaidi imodzi pa tsamba. Yambani mwadina Options. Pa Publish what sankhani Handouts, pa Slides per page sankhani 3, ndipo muchonge pa Frame slides kuti silaidi iliyonse ikhale ndi mzere woizungulira. Popanda mzerewu, silaidi yoyera imasakanikirana ndi pepala moti simungadziwe pomwe yathera. Mukatero dinani OK, kenako Publish.

Njira ina ndi yodzera ku File, kenako Print. Pa Printer sankhani Microsoft Print to PDF, ndipo pomwe palembedwa Full Page Slides musinthe n'kusankha 3 Slides. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mumaoneratu tsamba mmene litulukire, komanso mumatha kusankha mtundu: Color, Grayscale kapena Pure Black and White.

Chenjerani ndi Notes Pages, yomwe imaoneka pa mndandanda womwewo. Dzina lake limanyenga. Imeneyi siisiya malo oti ophunzira alembepo ayi. Imasindikiza silaidi imodzi pa tsamba, ndipo pansi pake imaika manotsi anu aja munalemba kuti muzidzikumbutsa polankhula. Ngati munalembapo kuti "apa ndifulumire, anthu amakhala atatopa," mawuwo afika m'manja mwa aliyense. Chimodzimodzi masilaidi omwe munawabisa: onetsetsani kuti palibe chongi pa Include hidden slides, kapena pa Print Hidden Slides ngati mwadzera ku Print.

Nkhani yaikulu ili pa kukula kwa zilembo. Silaidi ya masiku ano, yotambalala ija, ndi ya masentimita pafupifupi 34 m'litali. Ikaikidwa pa tsamba la masilaidi atatu imatsala ndi masentimita 8 kapena 9, kutanthauza kuti chilichonse chili mmenemo chachepa pafupifupi kanayi. Zilembo za saizi 32 zimatuluka ngati za saizi 8, zomwe zimawerengeka bwinobwino. Za 24 zimafika pa 6, ndipo munthu wa maso abwino awerenga, koma wachikulire yemwe waiwala magalasi kunyumba avutika. Za 12 zimafika pa 3, timadontho chabe.

Ndiye tibwerere ku masilaidi 24 aja. Tinene kuti 21 mwa iwo ali ndi mitu, zithunzi ndi mfundo zitatuzitatu zolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Amenewa alibe vuto, akwana pa masamba 7. Atatu otsalawo ndi matebulo a manambala, olembedwa ndi saizi 12 kuti zonse zikwane. Matebulo ndi omwe anthu adzafune kuwaonanso akabwerera kwawo, ndipo ndi omwenso sawerengeka akachepetsedwa. Musawakakamize. Abiseni pa kope lija podina silaidi ndi batani la kumanja la mausi n'kusankha Hide Slide, tulutsani PDF ya 21 enawo, kenako matebulowo muwasindikize paokha, tebulo lililonse tsamba lathunthu, n'kuwamangirira kumapeto. Zonse pamodzi ndi masamba 10, omwe ndi mapepala 6 pa munthu, 4 a masilaidi ndi 2 a matebulo, 240 kwa onse. Mwaonjezera mapepala 80 okha, koma tsopano manambala akuoneka.

Vuto lina limabwera ndi masilaidi omwe zinthu zake zimatulukira chimodzichimodzi mukamadina. PDF siiyenda, choncho zonse zimaoneka nthawi imodzi. Ngati zinali mfundo zondandana, palibe chovuta. Koma ngati munasanjikiza zithunzi zitatu pamalo amodzi kuti china chizilowa m'malo mwa chinzake, pa pepala paoneka chapamwamba chokha, zinazo zitabisika pansi pake. Silaidi yotere igaweni kukhala masilaidi atatu. Ngati pali funso lomwe yankho lake limatulukira pambuyo, fufutani yankholo, mizere ya kumanja ija igwire ntchito yake.

Masilaidi akuda kapena a buluu wodera, olembedwa ndi zilembo zoyera, amakongola pa khoma koma amamaliza tona wa makina osindikizira, ndipo akadutsa pa makina a fotokope otopa amatuluka mabangamabanga. Sankhani Grayscale, yomwe kawirikawiri imayeretsa kumbuyo n'kudetsa zilembo, koma muyang'ane tsamba lililonse musanasunge, chifukwa nthawi zina mawu oyera omwe anali pamwamba pa chithunzi kapena m'kabokosi amasowa. Tchati chomwe chimasiyanitsa zinthu ndi mtundu wofiira ndi wobiriwira chimasanduka chotuwa mbali zonse, ndiye lembani dzina la chinthu chilichonse pa tchatipo.

Mutu wa maphunziro, tsiku ndi nambala za masamba mumaziika ku Insert, kenako Header & Footer, pa gawo la Notes and Handouts. Nambala za masamba musazisiye, poti mukanena kuti "tsegulani tsamba 5" aliyense amafika msanga. Onaninso kuti pepala ndi A4, osati Letter, lomwe ndi lalifupi ndi masentimita pafupifupi 2 komanso lotambalala pang'ono.

Ngati mizere ya PowerPoint ikukucheperani, pitani ku File, Export, Create Handouts, ndipo musankhe Blank lines next to slides. Masilaidi apita mu Word ali mu tebulo, momwe mungakulitse malo olembapo mmene mukufunira, kenako n'kusunga ngati PDF. Dziwani chabe kuti fayilo ya Word yotere imalemera, makamaka zithunzi zikachuluka.

Popita kosindikiza, tengani PDF, osati fayilo ya PowerPoint, chifukwa pa kompyuta ya eni malowo zilembo zikhoza kusintha n'kusokoneza masanjidwe. Auzeni asindikize kope limodzi kaye, mbali zonse ziwiri, atasankha Flip on long edge kuti tsamba lakumbuyo lisatuluke chadodolido. Liwerengeni muli chiimire pomwepo, mulembepo ndi bolopeni kuona ngati stepulo siikudya mizere, kenako muwauze apitirize 39 otsalawo.